Kasinthidwe ka maola a antchito osagwira sabata yonse kukhala malo athunthu pokonza bajeti

Bajeti ya malipiro siyendera chiwerengero cha anthu amene mayina awo ali m'kaundula, koma imayendera maola amene bungwe lalonjeza kulipira. Anthu awiri amene aliyense amagwira theka la sabata amadya ndalama za malo amodzi a ntchito, ndipo munthu amene amagwira sabata yonse kwa miyezi itatu yokha amadya gawo limodzi mwa magawo anayi a malo amodzi. Chiwerengero chimene chimaonetsa zimenezi pano tichitchula kuti malo athunthu, ndipo pa mafomu a bajeti a mabungwe opereka thandizo mudzachipeza chitalembedwa kuti `FTE`. Malo athunthu 1.0 ndi ntchito ya munthu mmodzi wogwira maola onse a pa sabata, chaka chonse. Wogwira theka la maolawo ndi 0.5.

Kuti njira yake ioneke bwino, titsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Tiyerekeze chipatala chaching'ono cha mpingo chimene chaka chake cha chuma chimayamba mu Januwale ndi kutha mu Disembala. Chili ndi anamwino awiri ogwira sabata yonse, namwino wachitatu wobwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, namwino wachinayi wobwera Loweruka ndi Lamulungu lokha, ndiponso namwino wachisanu amene amalembedwa kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi imene odwala malungo amachuluka. Pali kalaliki wa chuma wogwira m'mawa mokha, katswiri wa m'labotale amene adzayambe ntchito mu Epulo, mlonda mmodzi wokhazikika, ndi mlonda wina wopumitsa mnzakeyo. Onse pamodzi ndi anthu 9. Malipiro amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti masamu ayende, ndipo inu muikepo a ku bungwe lanu.

Khazikitsani kaye sabata yathunthu

Musanagawe chilichonse, pezani nambala imene mudzagawire, ndiye kuti maola amene bungwe lanu limawatenga ngati sabata yathunthu. Nambala imeneyi siyotola m'mutu. Ili m'buku la malamulo a antchito a bungwelo kapena m'makontilakiti a anthu ogwira sabata yonse. Maofesi ambiri ogwira masiku asanu amakhala ndi maola 40, pomwe Lamulo la Ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000 limaika maola 48 ngati malire a sabata, osawerengera ovataimu. Malire a lamulowo sakutanthauza kuti aliyense azigawira 48. Ngati anamwino anu ogwira sabata yonse amagwira maola 40, sabata yathunthu ya namwino ndi 40 basi.

Powerenga maolawa chotsani nthawi ya nkhomaliro ngati silipidwa. Munthu wolowa 7:30 m'mawa ndi kuweruka 4:30 madzulo amakhala pa ntchito maola asanu ndi anayi, koma ngati ola limodzi ndi lopuma, maola ake ndi asanu ndi atatu. Chimene mwachita kwa wogwira sabata yonse muchitenso kwa wogwira maola ochepa, chifukwa mukachotsa nkhomaliro kwa mmodzi ndi kuisiya kwa mnzake, mukuyerekeza zinthu zosafanana.

Bungwe limodzi likhoza kukhala ndi masabata athunthu awiri, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. M'chipatala chathu anamwino, kalaliki ndi wa m'labotale amayendera maola 40, koma alonda amayendera maola 48. Mlonda wopumitsa amagwira maola 24 pa sabata, chimodzimodzi namwino wachitatu uja. Komabe malo awo sali ofanana. Namwino ndi 24 kugawa ndi 40, kupeza 0.6, pomwe mlonda ndi 24 kugawa ndi 48, kupeza 0.5. Mukagawira mlondayo ndi 40, ndiye kuti mwamuwerengera malipiro opitirira amene mnzake wokhazikika amalandira pa ola limodzi, ndipo mwina palibe amene analinga kutero. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti munthu aliyense ayesedwe ndi sabata ya anzake a ntchito yofanana.

Kuchokera pa sabata pezaninso maola a chaka ndi a mwezi. Masabata 52 kuchulukitsa ndi maola 40 kumapereka maola 2,080 pa chaka, ndipo mukagawa 2,080 ndi miyezi 12 mupeza maola 173.33 pa mwezi. Kwa alonda ndi maola 2,496 pa chaka ndi 208 pa mwezi. Lembani manambala amenewa pamwamba pa tsamba la bajeti, kuti aliyense wodzaliwerenga adziwe muyeso umene munagwiritsa ntchito.

Pezani maola enieni a munthu aliyense

Poyambira ndi kontilakiti. Namwino wachitatu amagwira masiku atatu a maola asanu ndi atatu, ndiye maola 24. Wachinayi amagwira masiku awiri, maola 16. Kalaliki amalowa 8 koloko ndi kuweruka 12 koloko masiku asanu, maola 20. Wa m'labotale adzagwira maola asanu ndi limodzi pa tsiku kwa masiku asanu, maola 30. Onani kuti kalaliki amabwera tsiku lililonse koma maola ake ndi ochepa kuposa a namwino wobwera katatu kokha. N'chifukwa chake kuwerenga masiku sikuthandiza pokhapokha ngati masikuwo ali otalika mofanana.

Kontilakiti payokha si yokwanira. Tengani kaundula wosainira polowa ndi poweruka, kapena ndandanda wa mashifiti, wa masabata 13 apitawa, muphatikize maola onse a munthuyo ndi kugawa ndi 13. Mukapeza kuti namwino amene kontilakiti yake ikunena maola 24 wagwira maola 390 m'masabata amenewo, ndiye kuti pa sabata akugwira maola 30, ndipo malo ake enieni ndi 0.75 osati 0.6. Ngati maola oonjezerawo amalipidwa, bajeti yolembedwa pa 0.6 idzaperewera mwezi uliwonse. Ngati salipidwa, bungwe lili ndi ngongole kwa wantchito wake, ndipo imeneyo ndi nkhani yofunika kupita nayo kwa akuluakulu bajeti isanavomerezedwe. M'njira zonse ziwiri wokonza bajeti asasankhe yekha mwakachetechete. Afunse woyang'anira anamwino ngati maola oonjezerawo anabwera chifukwa cha vuto lakanthawi, monga kudwala kwa mnzake, kapena ngati ndi mmene ntchito yakulira. Yankho lake ndi limene lidzasonyeze nambala yoyenera kulowa m'bajeti. M'chitsanzo chathu titenga kuti kaundula akugwirizana ndi makontilakiti.

Posankha masabata 13 amenewa samalani ndi nyengo. Ku chipatala miyezi ya dzinja imakhala yotangwanitsa kuposa miyezi yozizira, choncho kaundula wa Januwale mpaka Malichi adzakupatsani maola ochuluka kuposa mmene chaka chonse chimayendera. Kumene ntchito imakwera ndi kutsika chotere, phatikizani maola a chaka chonse chatha ndi kugawa ndi 2,080, kapena ndi 2,496 ngati ndi mlonda.

Pali anthu ena amene sayenera kulowa m'kawerengedwe kameneka. Dokotala wobwera kawiri pa mwezi, amene amapereka invoisi ndi kulipidwa pa ulendo uliwonse, sali pa ndandanda wa malipiro, ndipo ndalama zake zipite pa mzere wa akatswiri olembedwa mwapadera. Anthu ongodzipereka olandira alawansi nawonso akhale pa mzere wawo. Mukhoza kuwerengera maola awo pofuna kuonetsa kukula kwa ntchito ya chipatala, koma musawasakanize ndi malo amene mudzachulukitse ndi malipiro.

Gawani maola, kenako muwerengere miyezi

Kawerengedwe kali ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiri ndi imene imaiwalika. Mbali yoyamba ndi gawo la sabata, yachiwiri ndi gawo la chaka.

```
FTE = (maola a munthu / maola a sabata yathunthu) x (miyezi yogwira / 12)
```

Kwa amene akugwira chaka chonse mbali yachiwiri ndi 12 kugawa ndi 12, choncho sisintha kanthu. Anamwino awiri oyamba ndi 1.0 aliyense, wachitatu ndi 0.6, wachinayi ndi 0.4, kalaliki ndi 0.5, mlonda wokhazikika ndi 1.0, ndipo wopumitsa ndi 0.5. Namwino wa nyengo ya malungo amagwira maola onse 40, koma kwa miyezi itatu yokha, ndiye 1.0 kuchulukitsa ndi 3 pa 12, kupeza 0.25. Wa m'labotale ndi amene mbali zonse ziwiri zikumukhudza. Maola 30 pa 40 ndi 0.75, miyezi ya Epulo mpaka Disembala ndi 9, ndipo 0.75 kuchulukitsa ndi 9 pa 12 kumapereka 0.5625. Akadakhala kuti ayamba pakati pa Epulo, tikadalemba miyezi 8.5.

Tikaphatikiza, anamwino asanu akukwana malo 3.25, kalaliki 0.5, wa m'labotale 0.5625, ndipo alonda awiri 1.5. Chipatala cha anthu 9 chili ndi malo athunthu 5.8125.

Pa kompyuta, mu `Excel` kapena pulogalamu ina yofanana nayo, patsani munthu aliyense mzere wake. Danga la A likhale la udindo, la B la maola ake pa sabata, la C la sabata yathunthu ya ntchito yake, la D la miyezi, la E la malo athunthu, la F la malipiro a mwezi a wogwira sabata yonse, ndipo la G la ndalama za chaka.

```
E2: =B2/C2*D2/12
G2: =E2*F2*12
```

Ubwino woika sabata yathunthu pa mzere uliwonse ndi wakuti 48 wa alonda amaonekera poyera, ndipo palibe amene angamukokere pansi 40 mosazindikira.

Musafupikitse manambala msanga. Zimakopa kulemba 0.6 m'malo mwa 0.5625 chifukwa zimaoneka zaudongo, koma pa malipiro a K500,000 pa mwezi kusiyanako ndi K225,000 pa chaka, kwa munthu mmodzi yekha. Lolani kompyuta isunge nambala yonse, ndipo mufupikitse pokhapokha polemba lipoti lopita ku bodi, pomwe 5.8 ndi yokwanira.

Cholakwika china chimabwera pamene maola aperekedwa pa mwezi. Anthu ambiri amati mwezi uli ndi masabata anayi, choncho namwino wa maola 24 amamulembera maola 96 pa mwezi. Koma masabata anayi kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi masabata 48 okha, ndipo anayi atayika. Maola ake enieni pa mwezi ndi 24 kuchulukitsa ndi 52 kugawa ndi 12, amene ndi 104. Mukagawa 96 ndi 173.33 mupeza 0.55 m'malo mwa 0.6, ndipo ngati namwino wogwira sabata yonse amalandira K600,000 pa mwezi, pa chaka bajeti yake iperewera ndi ndalama zopitirira K330,000. Chizindikiro cha cholakwika chimenechi n'chosavuta kuchiona: onse ogwira maola ochepa amatuluka ndi manambala otsikirako pang'ono kuposa oyembekezeka, monga 0.46 m'malo mwa 0.5, ndi 0.37 m'malo mwa 0.4. Mukaona manambala otere, bwererani ku maola a sabata.

Sandutsani malowo kukhala ndalama

Malo athunthu achulukitsidwe ndi malipiro a munthu wogwira sabata yonse pa udindo womwewo, osati ndi malipiro amene wogwira maola ochepa amalandira kale. Tiyerekeze kuti namwino wogwira sabata yonse amalandira K600,000 pa mwezi, kalaliki K400,000, wa m'labotale K500,000, ndipo mlonda K200,000. Namwino wachitatu amalandira 0.6 ya K600,000, imene ndi K360,000. Wina akatenga K360,000 imeneyi pa ndandanda wa malipiro n'kuichulukitsanso ndi 0.6, apeza K216,000, ndipo wachepetsa munthuyo kawiri. Zimenezi zimachitika kwambiri pamene mmodzi wakonza malo athunthu ndipo wina wadzaza danga la malipiro. N'chifukwa chake mutu wa danga la F uyenera kunena momveka kuti ndi malipiro a wogwira sabata yonse.

Masamu a chipatala chathu akuyenda motere. Anamwino ndi 3.25 kuchulukitsa ndi K600,000 ndi miyezi 12, kupeza K23,400,000. Kalaliki ndi K2,400,000, wa m'labotale K3,375,000, ndipo alonda K3,600,000. Zonse pamodzi ndi K32,775,000. Tikadawerenga mitu ya anthu, ngati kuti onse 9 amagwira sabata yonse chaka chonse, tikadapeza K51,600,000, kupitirira ndi K18,825,000. Bajeti yotupa chonchi si yabwino ngakhale ioneke ngati yodzitchinjiriza, chifukwa ndalama zimenezo zikanatha kugula mankhwala, ndipo wopereka thandizo akaona kuti gawo lalikulu la mzere wa malipiro silinagwiritsidwe ntchito amayamba kukayikira mizere ina yonse.

Ndalama zina zimatsata malipiro, choncho zimatsatanso malo athunthu popanda masamu ena. Ku Malawi wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti ya malipiro ku penshoni ya wantchito, pomwe wantchitoyo amadulidwa 5 peresenti, ndiponso pali msonkho wa TEVET wa 1 peresenti ya malipiro. Kwa namwino wa K360,000 bungwe liwerengere K36,000 ya penshoni ndi K3,600 ya msonkhowo mwezi uliwonse. Gawo la 5 peresenti ndi msonkho wa PAYE zimachoka m'malipiro a munthuyo, choncho zisaonjezeredwenso pamwamba.

Koma pali ndalama zina zimene sizidziwa kuti munthu amagwira maola angati, ndipo zimenezi ziyenera kuwerengedwa pa mutu uliwonse. Namwino wa Loweruka ndi Lamulungu sangavale 0.4 ya yunifolomu. Ngati yunifolomu ndi nsapato zimadya K80,000 pa munthu, anamwino asanu afuna K400,000, osati K260,000 imene mungapeze pochulukitsa ndi 3.25. Chimodzimodzi ndalama za sikimu ya chipatala ngati bungwe limalipirira onse, maphunziro okakamiza, chiphaso cha ntchito chokonzanso chaka ndi chaka ngati bungwe ndi limene limalipira, ndiponso ndalama zolengezera ntchito ndi kuchititsa mayeso olembera munthu. Apa m'pamene pamaonekera kuti anthu awiri a 0.6 ndi 0.4 amadula kuposa munthu mmodzi wa 1.0, ngakhale malipiro awo ataphatikizidwa ali ofanana. Ine ndimaona kuti bajeti iliyonse ya antchito iyenera kuonetsa manambala onse awiri moyandikana, la anthu ndi la malo athunthu, ndipo mzere uliwonse wa ndalama unene kuti ukutsata liti.

Ovataimu ikhale pa mzere wake. Munthu wogwira sabata yonse amakhalabe 1.0 ngakhale agwire maola 46, chifukwa maola oonjezerawo ali ndi mtengo wina. Lamulo la Ntchito limati ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe pa mtengo wa ola limodzi ndi theka, ndipo ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma ilipidwe kawiri. Ola la namwino wathu ndi K600,000 kugawa ndi 173.33, pafupifupi K3,462, pomwe ola la ovataimu wamba ndi pafupifupi K5,192. Mukasandutsa maola amenewo kukhala malo athunthu ndi kuwachulukitsa ndi malipiro wamba, mwawawerengera motchipa. Komabe n'kothandiza kuona kukula kwake. Ngati ovataimu ya anamwino onse yafika maola 1,040 pa chaka, imeneyo ndi theka la malo athunthu limene mukuligula pa mtengo wokwera, ndipo nambala imeneyo ndi yoyenera kuionetsa kwa akuluakulu pokambirana zolemba munthu wina.

Nambala ya chaka ndi nambala ya mwezi

Malo 5.8125 ndi chapakati cha chaka chonse, ndipo palibe mwezi ndi umodzi womwe umene chipatala chidzakhale ndi malo amenewo ndendende. Mu Febuluwale namwino wa nyengo ya malungo alipo ngati 1.0 wathunthu, ndipo wa m'labotale sanafike, choncho malo ndi 6.0 ndipo malipiro a mwezi ndi K2,900,000. Mu Juni namwino uja wapita, wa m'labotale wafika ngati 0.75, choncho malo ndi 5.75 ndipo malipiro ndi K2,675,000. Amene angangogawa K32,775,000 ndi 12 n'kumayembekezera K2,731,250 mwezi uliwonse adzapeza kuti miyezi itatu yoyamba ndalama za ku banki sizikukwana, ngakhale kuti bajeti ya chaka ndi yolondola. Choncho pokonza kayendedwe ka ndalama mwezi ndi mwezi gwiritsani ntchito gawo la sabata lokha, poyang'ana amene alipo mwezi umenewo.

Manambala a mweziwa amathandizanso kutsimikiza masamu anu. Miyezi itatu ya 6.0 ndi 18, miyezi 9 ya 5.75 ndi 51.75, ndipo 69.75 kugawa ndi 12 kumabwezera 5.8125. Ndalama nazonso zikugwirizana, chifukwa K8,700,000 ya miyezi itatu ndi K24,075,000 ya miyezi 9 zikukwana K32,775,000. Njira ziwirizi zikapereka mayankho osiyana, cholakwika chimakhala kawirikawiri pa miyezi ya munthu woyamba kapena wosiya pakati pa chaka.

Kumbukiraninso chaka chotsatira. Wa m'labotale ndi 0.5625 chaka chino chokha. Chaka chamawa adzagwira miyezi yonse, adzakhala 0.75, ndipo malipiro ake adzakhala K4,500,000 m'malo mwa K3,375,000, ngakhale asakwezedwe ndi tambala imodzi yomwe. Amene amakonza bajeti yatsopano pongoonjezera peresenti pa ya chaka chatha sadzaiona K1,125,000 imeneyi. Ndipo ngati thandizo limene mukulemberalo likutsata chaka cha chuma cha boma, chimene chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, munthu yemweyo ndi 0.75 kuyambira chaka choyamba, popeza miyezi yake yonse 12 ikugwera mkati. Malo athunthu a munthu amadalira chaka chimene mukuwerengera, choncho chakacho chilembedwe pa tsamba.

Munthu wolipidwa kuchokera mbali ziwiri

Kalaliki wathu ndi 0.5. Tiyerekeze kuti wopereka thandizo wavomera kulipira theka la nthawi yake chifukwa amasunganso mabuku a polojekiti ya katemera. Mawu akuti theka pano akhoza kumveka pawiri, ndipo kusamvana kwake kumadula. Theka la nthawi ya kalalikiyu ndi maola 10 pa sabata, amene ndi malo 0.25, kapena K1,200,000 pa chaka. Koma wina akalemba 0.5 pa fomu ya wopereka thandizo, walonjeza maola 20, amene ndi nthawi yonse ya kalalikiyo, ndipo ofufuza mabuku a chuma akadzayerekeza ndi kaundula wa maola adzapeza kuti polojekiti yalipira ntchito imene sinagwiridwe. Pewani mawu akuti theka kapena peresenti pa okha. Lembani maola ndi malo pamodzi, kuti polojekiti ikulipira maola 10 pa 40, malo 0.25, ndipo chipatala chikulipira maola 10 otsalawo, malo 0.25. Mbali zonse zikaphatikizidwa zisapitirire malo a munthuyo.

Werenganinso malangizo a wopereka thandizo kuti muone sabata imene iye akuyendera. Si kulikonse kumene sabata yathunthu ili maola 40. Mwachitsanzo, zipatala za boma ku England zimayendera maola 37.5, ndipo pa muyeso umenewo maola 24 ndi 0.64 osati 0.6. Ngati fomu yabwera ndi muyeso wake, dzazani fomuyo monga akufunira, koma ndalama muziwerengere pa sabata ya bungwe lanu, chifukwa makontilakiti anu ndi amene mudzalipire.

Maola olipidwa si maola ogwiridwa

Mpaka pano takhala tikuchoka pa anthu amene alipo kupita ku ndalama. Nthawi zina funso limabwera chobwerera: chipatala chikufuna kuti m'chipinda choyezera odwala mukhale namwino maola asanu ndi atatu tsiku lililonse, kuphatikizapo Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, ndiye tiike malo angati m'bajeti? Maola ofunika ndi 365 kuchulukitsa ndi 8, amene ndi 2,920. Kugawa ndi 2,080 kumapereka 1.4, ndipo yankho limeneli ndi loperewera.

Chifukwa chake n'chakuti 2,080 ndi maola olipidwa, ndipo mkati mwake muli masiku amene munthu amalandira malipiro asali pa ntchito. Lamulo la Ntchito limapatsa wogwira masiku asanu pa sabata tchuthi cha masiku 15 pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi masiku 18. Masiku 15 ndi maola 120. Tiyerekeze kuti masiku a tchuthi cha boma ogwera pa masiku ake a ntchito ndi 12, amene ndi maola 96, ndipo kudwala, maliro ndi maphunziro zatenga masiku asanu, maola 40. Tikachotsa maola 256 amenewa, namwino mmodzi amapezeka pa ntchito maola 1,824. Tsopano 2,920 kugawa ndi 1,824 ndi 1.6. Kusiyana kwa 0.2 kumeneku ndi tsiku limodzi lathunthu pa sabata, ndipo pa malipiro a namwino wathu ndi K1,440,000 pa chaka. Kukapanda kuikidwa m'bajeti sikuzimiririka, koma kumadzatulukira ngati ovataimu, kapena ngati namwino amene tchuthi chake chimangokankhidwira kutsogolo.

Choncho gwiritsani ntchito 2,080 pofuna kudziwa ndalama za anthu amene muli nawo, ndipo gwiritsani ntchito maola opezeka pa ntchito pofuna kudziwa malo amene ntchito ikufuna. Masiku a kudwala ndi maphunziro muwatenge m'mabuku a bungwe lanu a chaka chatha. Tchuthi cha uchembere, chimene lamulo limati ndi masabata osachepera asanu ndi atatu pa malipiro onse, muchiwerengere padera, chifukwa mayiyo amakhalabe pa malo ake m'bajeti ndipo womugwirizira ndi malo oonjezera. Masabata 8 pa 52 ndi pafupifupi 0.15.

Yerekezani ndi malipiro enieni

Bajeti ikavomerezedwa ndipo mwezi woyamba ukatha, tengani ndandanda wa malipiro wa Januwale. Kwa munthu aliyense gawani malipiro ake, musanachotse msonkho ndi penshoni ndiponso osaphatikiza ovataimu, ndi malipiro a wogwira sabata yonse pa udindo wake. Namwino wachitatu ayenera kutuluka 0.6, wachinayi 0.4, kalaliki 0.5, mlonda wopumitsa 0.5, ndipo onse pamodzi 6.0. Ngati namwino wachitatu walipidwa K450,000, nambala yake ituluka 0.75, ndipo mwadziwa mu Febuluwale kuti mzere wake ukupita kukapitirira ndi K1,080,000 pofika Disembala. Funsani nthawi yomweyo ngati kontilakiti yake yasinthidwa, ngati maola oonjezera alowetsedwa m'malipiro wamba, kapena ngati danga la maola linalembedwa molakwika. Chitani kuyerekeza kumeneku mwezi uliwonse, ndipo makamaka mu Epulo, pamene namwino wa nyengo ya malungo ayenera kuchoka pa ndandanda ndipo wa m'labotale ayenera kulowa, kuti nambala itsike kuchoka pa 6.0 kufika pa 5.75.